Kampani ikagula tenda ya boma, mlandu ndi wa yani?

Pamalo pamene boma likumanga mlatho, mdadada wa sukulu kapena msewu pamaimikidwa chikwangwani. Chimatchula mwini ntchito, amene wapereka ndalama, kampani yomanga ndi nthawi imene ntchitoyo ithere. Anthu a ku Lobi, m'boma la Dedza, zikwangwani zotere amaziwerenga ndi chidwi, pakuti moyo wa dera lawo uli pa msewu. Mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi sizidikira munthu. Lole ikalephera kuwoloka mtsinje kuti ikafike ku Linthipe, pa msewu waukulu wa M1, tomato amafewa m'madengu ndipo venda ndiye amatchula mtengo.

Chimene chikwangwani sichinena ndi njira imene kampaniyo inadzera kuti dzina lake lilembedwe pamenepo. Makampani ambiri amapikisana moona mtima napambana. Ena amalipira munthu wa mkati. Mutu uno sukuloza chala kampani iliyonse imene inagwirapo ntchito ku Lobi. Ukufotokoza mmene malipiro achinyengowo amalowera mu tenda ya boma, ndi funso limene Amalawi sitikonda kulifunsa: wolandira ziphuphu akamangidwa, nanga kampani imene inapereka ndi kudya phindu imayankha chiyani?

Pamene ndalama imalowera

Khonsolo ya Dedza, monga unduna kapena bungwe lililonse la boma, siloledwa kungoitana mnzake wa bwana kuti amange mlatho. Lamulo logulira katundu ndi ntchito za boma, limene linayamba mu 2003, linalembedwanso mu 2017 n'kusinthidwanso mu 2025, limaika ndondomeko yoti itsatidwe, ndipo bungwe la PPDA ndilo limayang'anira. Akatswiri amalemba zimene zikufunika. Ntchito imalengezedwa. Makampani amaponya mitengo yawo m'bokosi, itamatidwa m'maenivelopu, ndipo pa tsiku loikika maenivelopuwo amatsegulidwa pamaso pa opikisanawo, mitengo n'kuwerengedwa mokweza. Kenaka kagulu ka akatswiri kamaunika, komiti ya zogula ya bungwelo n'kuvomereza. Lamulo la 2017 linaikanso masiku 14 odikira pakati pa kulengeza amene akufuna kumupatsa ntchito ndi kusaina kontirakiti, kuti amene akuona kuti waponderezedwa adandaule. Pa ntchito zing'onozing'ono amangofunsa makotesheni osachepera atatu.

Ndondomekoyi ndi yabwino, ndipo wochita katangale sailumpha. Amaitsata mwaulemu, mapepala onse n'kukhala m'malo mwake. Ndalama imalowa pamalo pamene munthu mmodzi kapena awiri ali ndi mphamvu yosankha popanda wowaona.

Malo oyamba ndi polemba zofunikazo. Wolemba akhoza kuika mfundo imene kampani imodzi yokha ingakwanitse, monga makina amtundu wakutiwakuti amene ntchitoyo siwafuna n'komwe. Malo achiwiri ndi mtengo wachinsinsi umene injiniya wa boma amawerengeratu. Amene wanong'onezedwa mtengowo amaponya wake pafupi nawo, n'kuoneka ngati katswiri. Achitatu ndi poyesa mapepala, pamene kampani yotsika mtengo imachotsedwa chifukwa cha kachikalata kosowa sitampa, chonsecho cholakwa chomwecho kwa wokondedwayo sichikuonedwa. Pa makotesheni atatu chinyengo chake n'chosavuta: munthu mmodzi amabweretsa onse atatu, lina la kampani yake, lina la mkazi wake, lina la mlamu wake. Kawirikawiri zimadziwika ndi zinthu zazing'ono. Nambala ya foni imakhala imodzi, liwu lolakwika kalembedwe limapezeka m'makalata onse atatu, ndipo mitengo imasiyana ndi ndalama yofanana ndendende.

Palinso malo ena amene anthu saaganizira, chifukwa amafika mpikisano utatha kale. Kampani imapambana ndi mtengo wotsika, kenaka kontirakiti itasainidwa mtengo umakwezedwa.

Phukusi la chakudya cha apolisi

Pakati pa 2018 m'dziko muno munatuluka lipoti la bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, limene silinalembedwe kuti lifike kwa anthu. Linkanena za kontirakiti ya 2015 pakati pa polisi ya Malawi ndi kampani ya Pioneer Investments, yopereka mapukusi a chakudya cha apolisi okwana 500,000. Mtengo wogwirizana unali pafupifupi K2.3 biliyoni. Malinga ndi lipotilo, patangopita masiku ochepa chisainireni, kampaniyo inapempha kuti mtengo ukwere ndi 20 peresenti, ponena kuti kwacha yagwa. Mtengo unafika pafupifupi K2.8 biliyoni, kusiyana kwake K466 miliyoni. Lipotilo linatinso mu Epulo 2016 kampaniyo inaika K145 miliyoni mu akaunti ya chipani cholamula cha DPP ku Standard Bank, imene wosainira wake anali Pulezidenti Peter Mutharika yekha.

Tisamale apa. Lipoti la ofufuza si chigamulo cha khoti. ACB inanena pambuyo pake kuti Pulezidenti sanapindule ndi ndalamazo payekha, chipanicho chinati inali mphatso ndipo chinalengeza kuti chibweza, ndipo mwini kampani ndi akuluakulu ena a polisi anamangidwa n'kutengeredwa kukhoti. Chimene nkhaniyi ikutiphunzitsa ndi kayendedwe ka ndalama. Kukweza mtengo pambuyo posaina kumachitika opikisana nawo atabwerera kwawo, palibenso woyerekeza naye. Ndipo ndalama yochoka kwa wopambana tenda siyenera kukhala mu enivelopu ya khaki. Ikhoza kutchedwa mphatso ya chipani, komishoni ya mkhalapakati, ngongole yosabweza, fizi ya mwana wa bwana, kapena ntchito yopatsidwa kwa kampani ya mbale wake. Lamulo la zipani, limene linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2018, limati mphatso yochokera ku kampani ikafika K2 miliyoni iululidwe kwa mlembi wa zipani. Cholinga chake n'chakuti munthu athe kuika mndandanda wa opereka mphatso pambali pa mndandanda wa opambana makontirakiti, n'kuona ngati maina akufanana.

Amalipira ndani?

Tiyerekeze, mongopeka, kuti khonsolo yapereka kontirakiti ya K60 miliyoni yomanga kamlatho pa mtsinje wina pafupi ndi Lobi. Kontirakitala anawerengera phindu la K6 miliyoni. Koma kuti apambane walonjeza teni peresenti, imene ndi K6 miliyoni yomweyo. Munthu sagwira ntchito miyezi inayi kuti abwerere kwawo chimanjamanja, ndiye ndalamayo ayenera kuipeza mu mlathomo.

Amayambira pa simenti. Konkire ya pamwamba pa mlatho wotere, ikasakanizidwa muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, imadya matumba pafupifupi 6 a makilogalamu 50 pa kiyubiki mita iliyonse. Akaisungunula kukhala umodzi, itatu ndi isanu ndi umodzi, imadya matumba 4 ndi pang'ono. Pa makiyubiki mita 20 wapulumutsa matumba osapitirira 40. Ngakhale thumba litakhala pa K30,000, imeneyo ndi K1.2 miliyoni yokha. Ngongole ya ziphuphu ija ikadalipo K4.8 miliyoni. Choncho amapita pa zitsulo: pamene pulani ikuti zitsulo za mamilimita 12 amaika za 10, n'kuzitalikitsa. Maziko amene anayenera kufika pa nthaka yolimba amathera pa mchenga. Mchenga wosefa umalowedwa m'malo ndi wamatope wa pafupi. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7 ndipo imafika mphamvu yake pa masiku 28, koma kulipira amayi otunga madzi ndi ndalama, choncho amathirira masiku awiri. Aganyu a m'mudzi amalipidwa theka, lina n'kuuzidwa kuti boma silinapereke.

Ntchito yotere singadutse pamaso pa woyendera woona mtima. Ndiye pamafunika chiphuphu chachiwiri, cha amene asaine chikalata chakuti ntchito yatha bwino, ndipo nthawi zina chachitatu, cha amene atulutse malipiro. Katangale wa pa tenda amabala anzake mpaka tsiku lopereka mlatho.

Wa m'mudzi akhoza kuziona zimenezi popanda digiri. Konkire yabwino ikauma siikandika ndi msomali. Yochepa simenti imayoyoka m'mphepete ngakhale ndi chala. Pansi pa mlatho, pamene anachotsa matabwa, pakaoneka mabowo ngati zisa za njuchi kapena zitsulo zili pamtunda zikuchita dzimbiri, ntchitoyo inathamangitsidwa. Komiti ya chitukuko ya dera ili ndi chifukwa chomveka chofunsira pepala la miyezo ya zipangizo ndi kuwerenga matumba a simenti amene atsitsidwa. Koma tinene chilungamo: ntchito yoipa payokha si umboni wa ziphuphu. Ikhoza kukhala umbuli wa womanga kapena kuchedwa kwa malipiro a boma. Ndi chifukwa chofunsira mafunso, ndi chopititsira nkhani ku ACB, imene ili ndi mphamvu zoona maakaunti a kubanki.

Kampani ndi munthu pamaso pa lamulo

Lamulo lathu lolimbana ndi katangale ndi la 1995, ndipo linalimbitsidwa mu 2004. Gawo 24 limaletsa wogwira ntchito m'boma kupempha kapena kulandira, ndiponso limaletsa wina aliyense kumupatsa, kumulonjeza kapena kumuonetsa chabe kuti ampatsa. Lonjezo lokha ndi mlandu, ngakhale tenda italephereka. Gawo 29 limanena mwachindunji za kupereka kanthu kuti wina akuthandize kupeza kontirakiti, kuiyendetsa kapena kulipidwa. Gawo 30 limagwira amene amalipira mnzake kuti achotse tenda yake mu mpikisano. Chilango chake chimafika zaka 12 m'ndende.

Funso ndi lakuti mawu oti "wina aliyense" akuphatikiza kampani kapena ayi. Akuphatikiza. Kampani yolembetsedwa pansi pa lamulo la makampani la 2013 ndi munthu payokha pamaso pa lamulo. Ili ndi dzina, katundu ndi akaunti zake, imasaina makontirakiti, imasuma ndi kusumiridwa. Ikhozanso kuimbidwa mlandu, ndipo kukhoti imaimiridwa ndi mmodzi wa akuluakulu ake. Izi n'zosiyana ndi bizinesi imene munthu wangolembetsa dzina lochitira malonda. Pamenepo palibe munthu wachiwiri: mlandu wa bizinesiyo ndi wa mwiniwake, ndipo nyumba ndi galimoto lake zili pachiswe.

Vuto limabwera pa maganizo. Mlandu wa ziphuphu umafuna umboni wakuti wopalamula anadziwa ndipo anafuna. Kampani ilibe mutu woganizira. Makhoti a ku England, kumene malamulo athu ambiri anachokera, anayankha kuti maganizo a kampani ndi maganizo a anthu amene amaiyendetsa kwenikweni, monga madayirekitala ndi mkulu woyang'anira zonse. Iwowa akapereka chiphuphu pa ntchito ya kampani, kampaniyo ndiyo yapereka. Pa kampani yaing'ono ya kontirakitala wa pa Dedza, imene dayirekitala wake ndi yemweyo wosaina macheke ndi wokakumana ndi a khonsolo, mfundoyi imagwira mosavuta. Pa kampani yaikulu imaterera, chifukwa mabwana amakhala kutali ndipo wopereka enivelopu ndi kalaliki kapena mkhalapakati amene angamukane mawa lake.

Lamulo la milandu la dziko lino limayendanso njira yobwerera. Kampani ikapalamula, aliyense amene amaiyendetsa amatengedwa kuti wapalamula nawo, pokhapokha iye ataonetsa kuti sanadziwe, ndipo kusadziwako sikunali kodzifunira, kapena kuti anachita zonse zotheka kuti aletse. Anthu ambiri amavomera kulembedwa udayirekitala m'kampani ya mbale wawo, nasaina mapepala osawerenga, poganiza kuti akungothandiza. Dzina limenelo likhoza kuwafikitsa m'bokosi la woimbidwa mlandu.

Nanga kampani ingalangidwe bwanji, popeza singalowe ku Maula? Imalangidwa m'thumba. Khoti likhoza kuilipiritsa faindi ndi kulamula kuti chuma chochokera ku mlanduwo chilandidwe. Lamulo la milandu ya zachuma la 2017 ndilo lili ndi mano akuthwa: ndalama yopezeka mwa katangale ikadutsa mu akaunti ya kampani n'kusandutsidwa nyumba kapena malole, umenewo ndi mlandu wina wobisa gwero la ndalama, ndipo kampani yopezeka yolakwa ikhoza kulipira K500 miliyoni ndi kulandidwa chiphaso cha bizinesi. Lamulo lomwelo limalola boma kupempha khoti kuti ligwire ndi kulanda katundu wochokera ku umbanda ngakhale munthu asanapezeke wolakwa pa mlandu. Kunja kwa khoti, PPDA ili ndi mphamvu yoletsa kampani kupikisana pa ntchito za boma kwa nthawi yoikika, itaipatsa kaye mpata woyankha. Kwa kontirakitala amene kasitomala wake wamkulu ndi boma, chilango chimenechi chimawawa kuposa faindi.

Zida zilipo. Koma tikayang'ana milandu ikuluikulu ya m'dziko muno, maina amene timakumbukira ndi a anthu. Pa kubedwa kwa ndalama za boma kwa 2013, Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, analamulidwa zaka 3 mu 2014, ndipo ndalama zina zinadzera ku kampani yake ya Visual Impact. Oswald Lutepo anavomera mlandu wokhudza K4.2 biliyoni nalamulidwa zaka 11 mu 2015, ndalama zitadzera m'makampani ake, monga International Procurement Services. Amenewo anali makampani olandira malipiro pa ntchito zosagwiridwa. Kuti tione kampani yeniyeni, yaikulu, yogwira ntchito yooneka, itaima payokha m'khoti pa mlandu wogula kontirakiti, tiyenera kupita ku dziko lina laling'ono la kumwera kwa Africa kuno.

Mmene Lesotho inagwirira Acres

Mu 1986 Lesotho ndi South Africa anagwirizana zomanga madamu m'mapiri a Lesotho, kuti madzi azipita ku Johannesburg ndi madera ozungulira. Damu la Katse ndi limodzi mwa iwo. Makampani akuluakulu a ku Ulaya ndi ku Canada anathamangira makontirakiti, ndipo mkulu wa bungwe loyendetsa ntchitoyo anali Masupha Sole.

Nkhani inayamba pang'ono. Owerengera ndalama anapeza zosalongosoka pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za ofesi, Sole anachotsedwa ntchito mu 1995, ndipo bungwelo linamusumira kuti abweze. Pofufuza za mlandu umenewo ndi pamene panatulukira kuti anali ndi maakaunti ku Switzerland. Boma la Lesotho linapempha akuluakulu a dziko limenelo kuti atsegule mabuku, ndipo anavomera. Mabukuwo anaonetsa ndalama zochokera ku makampani ambiri, zikudzera mwa anthu apakati. Mu 2002 Sole anapezeka wolakwa nalamulidwa zaka 18, zimene khoti la apilo linatsitsa kufika 15.

Maiko ambiri akanalekera pomwepo. Lesotho inatembenukira kwa opereka, ndipo yoyamba inali Acres International, kampani ya mainjiniya ya ku Canada ya mbiri yabwino.

Acres sinapatsepo Sole ndalama m'manja. Inali ndi mgwirizano wolembedwa bwinobwino ndi injiniya wina wa ku Lesotho, dzina lake Bam, wakuti akhale woiimirira m'dzikomo. Kwa zaka zingapo m'ma 1990 inkamulipira mu akaunti ya ku Switzerland. Kudziteteza kwake kukhoti kunali komveka: tinalemba ntchito woimirira monga amachitira makampani onse, tinamulipira monga mwa mgwirizano, ndipo zimene iye anachita ndi ndalama zake sitikuzidziwa. Bam mwiniwake anali atamwalira mu 1999, choncho sakanafunsidwa.

Oimira boma analibe mboni yoona chiphuphu chikuperekedwa. Anali ndi mapepala a kubanki, ndipo anawayala motsatana masiku. Acres ikalipira Bam, posakhalitsa Bam ankatumiza ndalama kwa Sole, ndipo kawirikawiri gawo lake linkakhala lofanana, pafupifupi 60 peresenti. Kenaka anafunsa mafunso amene munthu wamba angafunse. Kampani imene inali itagwira kale ntchito ku Lesotho kwa zaka, yodziwana ndi akuluakulu onse, inkafuniranji woiimirira? Ntchito imene iye anagwira ili kuti, malipoti ake ali kuti? Munthu wa ku Lesotho, wogwira ntchito ya ku Lesotho, alipidwiranji mwachinsinsi ku Switzerland? Khoti linapeza kuti mgwirizano uja unali chophimba chabe, ndi kuti Acres inkadziwa kumene ndalama zinkathera. Lamulo la ku Lesotho linathandizanso, chifukwa limati chimene dayirekitala kapena wantchito wachita pofuna kupindulitsa kampani chimatengedwa kuti yachita ndi kampaniyo.

Mu Seputembala 2002 Acres inapezeka yolakwa, ndipo inalamulidwa kulipira maloti 22 miliyoni. Mu 2003 khoti la apilo linaimasula pa mlandu umodzi mwa iwiri, linatsimikiza winawo, faindi n'kutsika kufika maloti 15 miliyoni. Mu Julaye 2004 Banki ya Dziko Lonse inailetsa kupeza makontirakiti a ndalama zake kwa zaka 3. Kampani ya ku Germany ya Lahmeyer International inatsatira. Inachita apilo, koma faindi yake inakwezedwa kufika maloti 12 miliyoni, ndipo mu 2006 banki ija inailetsa kwa zaka zofika 7. Ena ataona mmene mphepo ikuombera anavomera okha: Schneider Electric ya ku France inalipira maloti 10 miliyoni mu 2004, ndipo Impregilo ya ku Italy inalipira 15 miliyoni mu 2006.

Mlandu wa Acres ndimauona kuti ndi wofunika kwa ife kuposa milandu ya mabiliyoni a madola ya ku America, chifukwa unazengedwa ndi dziko losauka, la anthu ochepa kuposa athu, m'makhoti ake omwe. Unaonetsa kuti mkhalapakati si chishango. Unaonetsanso kuti umboni wa ziphuphu suyenera kukhala chithunzi cha enivelopu. Masiku a malipiro, kufanana kwa magawo, chinsinsi chosafunikira ndi kusowa kwa ntchito yooneka, zikaikidwa pamodzi, zimakwana. Koma unali wodula. Milanduyi inatenga zaka zambiri ndi ndalama zochuluka za boma la Lesotho, ndipo sikanatheka popanda mabuku a ku Switzerland.

Mipata imene yatsala

Ku Britain anaona kuti kufunafuna bwana wamkulu amene anadziwa kumapulumutsa makampani akuluakulu. Lamulo lawo la ziphuphu la 2010 linabweretsa mlandu watsopano, wolephera kuletsa. Aliyense wogwirira ntchito kampani, kaya ndi wantchito, woimirira kapena kampani yaing'ono ya pansi pake, akapereka chiphuphu kuti kampaniyo ipeze bizinesi, kampani yapalamula. Njira yokha yopulumukira ndi kuonetsa kuti inali ndi ndondomeko zokwanira zoletsera. South Africa inatengera mfundo yomweyi mu 2024. Lamulo la ku Britain limafikanso kunja kwa dzikolo, ndipo ndi chifukwa chake nkhani ya Zuneth Sattar, wamalonda wobadwira ku Malawi wokhala ku Britain, inafika m'makhoti a kumeneko. Mu Juni 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza mtundu kuti lipoti la ACB likunena za makontirakiti 16 a polisi ndi asilikali, a ndalama zoposa madola 150 miliyoni, operekedwa ku makampani okhudzana ndi Sattar pakati pa 2017 ndi 2021. Mu 2025 Sattar anaimbidwa milandu 18 ya ziphuphu ku London. Iye wakhala akukana kulakwa kulikonse, ndipo kuimbidwa mlandu si kupezeka wolakwa.

Kuno kwathu mpata waukulu ndi dzina. Kampani ikaletsedwa, mwini wake akhoza kulembetsa ina mwezi womwewo, dayirekitala n'kukhala mphwake, malole ndi makina omwe aja atangopakidwa utoto wina. Kuletsa kampani kumagwira ntchito pokhapokha kukatsata anthu ake. Ndi chifukwa chake malamulo a 2022 amafuna kuti kampani iliyonse iulule mwini wake weniweni, amene amadya phindu ndi kulamula ngakhale dzina lake lisali pa chiphaso. Kaundula wotere ali ndi phindu ngati akufufuzidwa, ndiponso ngati komiti ya zogula ya khonsolo imamutsegula isanapereke kontirakiti.

Pali dandaulo la makontirakitala limene siliyenera kunyozedwa. Amati sapereka mwa kufuna kwawo: ukakana, tenda supata, ndipo ukagwira ntchito, malipiro ako amagona m'kabati mpaka utaonetsa kangachepe. Zimenezi zimachitika, ndipo wopempha ali ndi mlandu wake waukulu. Komabe lamulo silimasula wopereka chifukwa chakuti anapemphedwa, ndipo mawu oti aliyense amatero sanapulumutse Acres. Njira imene lamulo limatsegula ndi kukanena ku ACB ndalama isanatuluke, ndipo kuyambira 2004 muli gawo loteteza oulula kuti maina awo asatchulidwe. Chitetezocho n'chochepa poyerekeza ndi mantha otaya bizinesi, ndipo chikufunika kulimbitsidwa. Mwini kampani amene akufuna kugona tulo angathe kudzithandiza ndi zinthu zosafuna loya wodula: asalipire komishoni kwa munthu amene ntchito yake singalembedwe pa pepala, asalipire ndalama zikuluzikulu pamanja kapena mu akaunti ya munthu wachitatu, afunse ngati woimirira wake ali pa ubale ndi wa mu komiti ya zogula, ndipo mphatso iliyonse ya chipani kapena ya mkulu wa boma ilembedwe m'mabuku ndi dzina lake lenileni. Malipiro amene mukuchita manyazi kuwalemba dzina lake m'buku ndi amene adzawerengedwe m'khoti.

Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa lamulo lakuti ACB izipempha kaye chilolezo kwa mkulu wozenga milandu ya boma isanayambe mlandu wa katangale. Chopinga chimenecho chinachoka. Chotsala ndi chizolowezi cholemba pa pepala la milandu maina a anthu okha. Wogwira ntchito m'boma akamangidwa, pampando pake pamakhala wina, ndipo kampani imene inamulipira imabweranso ndi enivelopu yatsopano pa tenda yotsatira, phindu la kontirakiti yoyamba lili m'thumba. ACB ikamatengera kukhoti wolandira ziphuphu za tenda, izilembanso kampani yopereka ngati woimbidwa mlandu, ipemphe khoti kulanda phindu la kontirakitiyo, ndipo chigamulo chikatuluka ichitumize ku PPDA kuti kampaniyo ndi eni ake enieni aletsedwe.